Asupavaiza akuti mwangondandalika mapepala: muyambire apa

"Achimwene, ndikulemba kafukufuku wa masitazi pa makuponi a feteleza ku Malawi. Mu litirecha riviyu ndafotokoza mapepala 28, lililonse ndime yakeyake. Asupavaiza abweza, akuti ndangondandalika zimene ena analemba, mfundo yanga sikuoneka. Ndiyambire pati?"

Achemwali, zimene mwalembazo musataye, koma zichotseni m'chaputalamo, zipite pa tebulo. Pepala lililonse likhale ndi mzere wake wopingasa, ndipo madanga akhale anayi: funso limene olembawo ankafuna kuyankha, kumene anatenga manambala awo, chimene anayeza, ndi chimene anapeza. Mukadzaza, lekani kuwerenga chopingasa. Tengani danga limodzi, mulitsate chotsika, mukuyang'ana pamene olembawo akugwirizana ndi pamene akusemphana. Mitu yanu ituluka pamenepo.

Tiyese ndi FISP, pulogalamu ya boma ya makuponi a feteleza imene inayamba mu 2005. Denning ndi anzake, mu 2009, analemba kuti chimanga chinachuluka kwambiri mpaka dziko linakhala ndi chotsala. Lunduka, Ricker-Gilbert ndi Fisher, mu 2013, atasanthula akafukufuku amene anachitika pakhomo ndi pakhomo, anapeza kuti zokolola zinakwera ndithu koma pang'ono, ndipo anakumbutsa kuti m'zaka zomwezo mtengo wa chimanga unkakwera. Mukawaika m'ndime ziwiri zotalikirana, wowerenga sangaone kuti pali nkhani. Pa tebulo, danga lachiwiri likuulula msanga: oyambawo anadalira manambala a boma a dziko lonse, achiwiriwo anadalira zimene zinapezeka m'mabanja. Ndime yanu tsopano ingayambe chonchi: "Kukula kwa phindu la makuponi kumadalira kumene wofufuza watenga manambala ake." Mayina a olemba abwere pambuyo ngati mboni za chiganizo chimenechi.

Onani kuti chiganizocho munthu akhoza kuchitsutsa. Ichi ndicho chimasiyanitsa mutu weniweni ndi chikwangwani chabe. Ambiri akauzidwa kuti alembe m'mitu amangoika "Zokolola", "Amayi", "Mitengo", kenako pansi pake n'kundandalikanso mapepala aja limodzilimodzi. Asupavaiza abwezanso, ndipo sanalakwe.

Mutu woyamba ukatha, uyenera kusiya funso limene wachiwiri ayankhe. Ngati m'mabanja zokolola zinakwera pang'ono, feteleza yense uja anapita kuti? Apa mpomwe likulowa pepala la Ricker-Gilbert, Jayne ndi Chirwa la 2011. Iwo anapeza kuti pa makilogalamu 100 alionse a feteleza wa makuponi, alimi anachepetsa wogula okha ndi makilogalamu 22. Ndiye kuti wowonjezera weniweni m'munda anali 78. Anapezanso kuti kwa osaukitsitsa kuchepetsako kunali 18, pamene kwa opezako bwino kunali 30, zimene n'zomveka chifukwa wopeza bwino akanagula ndithu ngakhale popanda kuponi.

Kusiyana kwa 18 ndi 30 kukukutsegulirani mutu wachitatu: kodi makuponi ankafika kwa yani? Pepala la 2013 lija libwereranso pano, chifukwa linanena kuti mabanja opezako bwino ndiwo anapindula kwambiri. Musaope kutchula pepala limodzi kawiri kapena katatu. Kutero kumasonyeza kuti mukulitenga pa chimene likukuthandizani pa ndimeyo, osati kulifotokoza lonse kuyambira kumutu mpaka kumchira.

Ine ndimaona kuti chovuta kwambiri ndi kusiya ena kunja. Mwa 28 aja, ena sadzalowa m'mutu uliwonse, ndipo zimawawa chifukwa munagona mochedwa kuwawerenga. Asiyeni pa tebulo. Ena adzangotchulidwa pamodzi m'chiganizo chimodzi poti akunena zofanana, pamene awiri kapena atatu amene mfundo yanu yatsamira pa iwo adzafuna malo aakulu, mpaka kufotokoza maboma amene anapitako ndi zaka zake. Chenjeraninso kuti musayambanitse anthu amene sakukangana. Ngati wina anayeza zokolola pa hekitala ndipo wina anayeza chakudya cha pakhomo, nenani kuti anayeza zosiyana, osati kuti akutsutsana.

Mukamaliza, koperani chiganizo choyamba cha ndime iliyonse pa tsamba limodzi, muziwerenge motsatana. Zikayamba ndi dzina ndi chaka, ndimeyo ikadali yakale ija. Yesaninso kusinthanitsa mitu iwiri. Chaputala chikamvekabe bwinobwino, ndiye kuti mituyo sinalumikizane, ndipo pakusowa chiganizo chonena chifukwa chake wina akutsatira mnzake.

Mutu womaliza ufike pa funso lanu. Tinene kuti mukufufuza AIP, imene inalowa m'malo mwa FISP mu 2020 n'kufikira mabanja ambiri koposa. Mapepala ndatchulawa onse ndi a nthawi ya FISP, choncho sangatiuze ngati 22 uja anakwera kapena anatsika olandira atachuluka. Lembani zimenezo m'ndime yotsiriza. Tsamba la ziganizo zoyamba lija muwatumizire asupavaiza musanayambe kulembanso chaputala chonse, kuti ngati pali mutu wofunika kusuntha akuuzeni ntchito isanakule.