Pulani ya phunziro la matenda a shuga kumudzi

"Anzanga ndithandizeni, atipatsa asayimenti yoti tilembe pulani ya phunziro la zaumoyo lokhudza kupewa matenda a shuga m'mudzi. Ndalemba mapeji atatu koma zikungooneka ngati manotsi a m'kalasi, ndiyambire pati?"

Achemwali, choyamba sankhani anthu enieni oti mukawayankhule, osangoti "anthu a m'mudzi" ayi. Tiyerekeze ndi amayi 25 a banki mkhonde, mwawapeza pansi pa mtengo wa mango akamaliza zosonkha zawo, a mfumu ndi mlangizi wa zaumoyo wa deralo akudziwa kale za kubwera kwanu, ndipo muli ndi mphindi 20 basi chifukwa ikapitirira pamenepo anthu amayamba kuganiza za ndiwo zamadzulo. Zimenezi muzilembe pamwamba penipeni pa pulani: gulu, malo, nthawi, chiyankhulo ndi zipangizo.

Zolinga zikhale zitatu zokha komanso zoti mutha kuziyeza. "Anthu amvetse za shuga" sicholinga chimenecho, alekichara adula ndi cholembera chofiira. Lembani kuti pomaliza phunziro amayi athe kutchula zinthu zitatu zimene zimaika munthu pa chiopsezo, athe kusonyeza kagawidwe ka chakudya pa mbale, komanso athe kunena zizindikiro ziwiri zoti akaziona akayezetse kuchipatala. Munenenso poyera kuti mukukamba za shuga wa mtundu wachiwiri, uja amabwera kwambiri kwa akuluakulu, chifukwa wa mtundu woyamba amene amakonda kugwira ana sapeweka ndi zakudya, ndiye mukasakaniza mudzasiya mayi wina akudziimba mlandu pa mwana wake. Poyambira asayimenti mutha kuika kafukufuku wa STEPS wa 2009 amene anapeza kuti akuluakulu 5.6 pa 100 aliwonse m'Malawi anali ndi shuga, koma nambala imeneyo ndi ya alekichara, kumudzi mungoti pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 20.

Ine ulendo wanga woyamba ndinanyamula tchati chojambula kapamba ndi insulini, ndinayankhula mpaka kummero kuuma, pomaliza agogo ena anangofunsa kuti "ndiye tisiye nsima?" Apa mpamene ndinadziwa kuti ndataya nthawi. Ndiye gawo lalikulu, mphindi 10 zathunthu, likhale la zooneka ndi maso. Tengani botolo la kokakola la 300ml, shuga ndi kasupuni ka tiyi, muitane mayi mmodzi athire masupuni 8 m'kapu yoonekera mkati, muwauze kuti shuga amene ali m'botolomo ndi ameneyo. Kenako afunseni kuti mu tiyi wa m'mawa amathira angati, ena akuuzani anayi, kuonjezera mandasi, masana sobo kapena thobwa lotsekemera, awerengere okha. Bungwe la WHO limati shuga wochita kuthira asapitirire masupuni a tiyi pafupifupi 12 pa tsiku kwa munthu wamkulu, ndipo kuchepera apo ndi bwino koposa.

Za nsima musawauze kuti asiye, sangamve ndipo sizoonanso. Bweretsani mbale yeniyeni, theka likhale masamba monga bonongwe, nkhwani kapena chisoso, mbali yotsalayo muigawe pawiri, kwina nyemba kapena usipa, kwina nsima yokula ngati chibakera chawo, ya mgaiwa ikhala bwino kuposa ya ufa woyera. Koma muchenjeze kuti mgaiwa si mankhwala, mitanda isanu ya mgaiwa ndi yambiribe. Pa zolimbitsa thupi muyezo ndi mphindi 150 pa sabata, ngati mphindi 30 masiku asanu, ndipo mayi amene amalima ndi kutunga madzi kutali akukwanitsa kale, uthengawu ukhudze kwambiri aja amakhala tsiku lonse pa benchi ya geni. Mukapeza tepi ya atelala, yezani mimba kudutsa cha pa mchombo kwa amene afuna, pambali osati pagulu: kuposa masentimita 80 kwa amayi kapena 94 kwa abambo chiopsezo chakwera. Konzekani, wina adzati kunenepa ndi chizindikiro choti pakhomo pali mtendere, yankho lake mulilembe kale mu pulani.

Zizindikiro zitengeni mwachidule: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi makamaka usiku, kuonda osadziwa chifukwa, zilonda zosapola msanga. Muonjezere kuti ambiri amakhala nawo zaka osamva kanthu, ndiye amene kwawo kuli wodwala shuga, ali ndi BP, kapena anapezeka ndi shuga ali oyembekezera akayezetse ngakhale akumva bwino. Wina akafunsa manambala, kuyeza m'mawa usanadye kukaonetsa 7.0 mmol/L kapena kuposa, yomwe ndi 126 pa makina ena, a chipatala amabwereza kuti atsimikize, inu pa phunziro musauze munthu kuti ali ndi shuga.

Mphindi 4 zomaliza ndi zoona ngati zolinga zatheka, ndipo funso loti "mwamva?" silithandiza chifukwa onse adzati eee. Patsani mayi wina mbale yopanda kanthu agawe yekha anzake akumukonza, ena awiri atchule zizindikiro, ena atchule zoika pa chiopsezo. Mu tebulo lanu cholinga chilichonse chikhale ndi mzere wake, nthawi, zimene inu muchite, zimene iwo achite, chipangizo ndi funso loyezera. Ndipo musanalembe kuti "akayezetse ku chipatala chapafupi" kafunseni kaye ngati makina ndi timapepala toyezera shuga tilipo komanso tsiku la kiliniki, mulilembe mu pulanimo.