Bokosi la khadi la zithunzi pa laputopu yopyapyala: chingwe chimadya zingati?

"Ndili ndi laputopu yopyapyala, purosesa ya mawati 15, ramu magigabaiti 16, sikirini 1920x1080. Magemu atsopano amangokakamira. Ndikagula bokosi lija loyikamo khadi la zithunzi n'kulumikiza ndi chingwe, zitheka? Ena akuti chingwecho chimadya liwiro lonse."

Achimwene, zitheka ndithu, ndipo amene akuti chimadya lonse akukokomeza. Chimadya inde, koma kuchuluka kwake kukudalira gemu imene mukusewera ndi sikirini imene mukuonerapo.

Yambani mwaona kabowo. Mabowo a USB-C amafanana maonekedwe koma mkati ndi osiyana. Bokosili limafuna bowo limene limadutsitsa PCIe, njira ija imene khadi limalankhulira ndi purosesa. Thunderbolt 3 ndi Thunderbolt 4 zimadutsitsa, ndipo kawirikawiri pambali pa bowolo pamakhala kachizindikiro ka mphezi. USB4 imatha kudutsitsa, koma lamulo lake silikakamiza wopanga laputopu kuti ayikemo zimenezi, choncho werengani pepala la mtundu wa laputopu yanuyo. Ngati bowolo ndi USB-C wamba, lotchajira ndi kukopera mafayilo, nkhani yathera pomwepo, palibe chingwe chimene chingalisandutse. Amene ali ndi ma Mac a purosesa ya Apple, kuyambira M1 kupita mtsogolo, nawonso asavutike: macOS pa makina amenewo salandira khadi la kunja.

Tsopano chingwe. Pa katoni amalemba magigabiti 40 pa sekondi, koma si onsewo amene amapita ku khadi. Thunderbolt 3 imapereka tinjira tinayi ta PCIe 3.0, tomwe papepala ndi magigabiti 32, kutanthauza magigabaiti pafupifupi anayi, ndipo mukayeza zenizeni mumapeza pakati pa magigabaiti 2.2 ndi 2.8 pa sekondi. Khadi lomwelo mukalilowetsa mu kompyuta ya patebulo limakhala ndi tinjira 16: magigabaiti pafupifupi 16 pa sekondi ngati ndi PCIe 3.0, pafupifupi 32 ngati ndi 4.0. Ukayerekeza manambalawa umaganiza kuti gemu itsika kasanu kapena kakhumi, ndipo apa ndi pamene mphekesera ija imachokera. Sizitero ayi, chifukwa khadi lili ndi memore yakeyake. Gemu ikamatseguka, zithunzi za makoma, zovala, mitengo ndi zina zotero zimatumizidwa kamodzi n'kukhala m'khadimo. Pambuyo pake chimene chimadutsa m'chingwe pa fulemu iliyonse ndi malangizo a purosesa, onena kuti jambula ichi apa, sunthira icho uko, ndi tizidutswa tatsopano pamene mukuyenda m'dziko la gemuyo.

Vuto lenileni ndi kuchedwa. Uthenga uliwonse umayenera kukulungidwa ndi kachipangizo ka Thunderbolt ka mu laputopu, kudutsa m'chingwe, kenako kumasulidwa ndi kachipangizo ka m'bokosi. Zili ngati msonkho wa pa mlatho: mumalipira nthawi iliyonse mukawoloka, ndiye wowoloka kambirimbiri ndi amene umamupweteka. Tiyeni tiwerengere limodzi. Nambala ya mamilisekondi awiri ndikuyiyika ngati chitsanzo chabe, gemu iliyonse ili ndi yake, koma masamu ake sasintha. Tinene kuti pa kompyuta ya patebulo khadi likupanga mafulemu 144 pa sekondi pa 1080p. Ndiye kuti fulemu imodzi ikutenga mamilisekondi 6.9. Chingwe chikawonjezera awiri akhala 8.9, omwe ndi mafulemu 112. Mwataya pafupifupi 22 pa 100 alionse. Tsopano khadi lomwelo, gemu yomweyo, koma pa 4K pamene likupanga mafulemu 60, kutanthauza mamilisekondi 16.7 pa fulemu. Kuwonjezera awiri aja ndi 18.7, omwe ndi mafulemu 53 kapena 54. Apa mwataya 11 okha pa 100.

Ndiye mwaona chifukwa chimene anthu amatsutsirana pa nkhaniyi, aliyense akunena zoona. Wosewera magemu owomberana a mpikisano, amene amatsitsa kukongola konse kuti apeze mafulemu 200, bokosili limamukhumudwitsa. Wosewera magemu a nkhani, amene amafuna dziko lokongola pa mafulemu 60, amasangalala nalo. Amene amayeza zinthuzi nthawi zambiri amapeza kuti pa monita ya kunja kutayako kumakhala pakati pa 10 ndi 20 pa 100, ndipo kumakula khadi likakhala lamphamvu kwambiri pamene sikirini ndi ya madontho ochepa. N'chifukwa chake ine sindingakulangizeni kugula khadi lapamwamba zedi kuti muzisewerera pa 1080p kudzera m'chingwe. Mudzalipirira mphamvu imene simudzaiona. Khadi lapakatikati ndi limene limayenerana ndi bokosi.

Chimene chingakupwetekeni kwambiri inuyo ndi sikirini ya laputopuyo. Mukalumikiza monita ku mabowo a khadi lenilenilo, a HDMI kapena DisplayPort a kumbuyo kwa bokosi, fulemu ikatha kujambulidwa imapita ku monita basi. Koma mukafuna kuonera pa sikirini ya laputopu, fulemu iliyonse iyenera kubwerera m'chingwe chomwe chija, kukopedwa mu ramu, kenako kachipangizo ka zithunzi ka mu purosesa n'kuiika pa sikirini. Fulemu ya 1920x1080 ili ndi madontho opitirira pang'ono 2 miliyoni, dontho lililonse mabaiti 4, ndiye ndi mamegabaiti 8.3. Pa mafulemu 60 ndi theka la gigabaiti pa sekondi, zomwe n'zopiririka. Pa mafulemu 144 ndi magigabaiti 1.2. Sikirini ikakhala ya 2560x1600 pa mafulemu 120, akuyandikira magigabaiti awiri pa sekondi. Chingwe chili ndi mbali yopita ndi mbali yobwera, choncho sikuti zimagundana mwachindunji, koma khadi limataya nthawi kukopera, ndipo kutaya kuja kumatha kukwera kufika 30 pa 100 kapena kupitirira. Ngati mulibe monita, iyikeni pa bajeti limodzi ndi bokosilo. Mukayilumikiza dinani Win+P n'kusankha "Second screen only", chifukwa gemu ikatsegukira pa sikirini ya laputopu, mwabwereranso ku vuto lomwe lija.

Palinso memore ya khadi. Ndanena kuti chingwe chimapulumuka chifukwa zithunzi zimakhala m'khadi. Gemu ikafuna magigabaiti 10 pamene khadi lili ndi 8, zotsalazo zimakhala mu ramu ya laputopu ndipo zimayenda m'chingwe gemu ili mkati. Pa kompyuta ya patebulo izi zimangochedwetsa pang'ono, koma pa njira yopapatiza chonchi gemu imadodoma moonekeratu, makamaka mukatembenuka msanga kapena mukalowa malo atsopano. Avereji ya mafulemu imatha kuoneka yabwino pamene maso anu akukuuzani kuti sizili bwino. Mankhwala ake ndi kutsitsa "Texture quality" sitepe imodzi, ndipo pogula, pakati pa makhadi awiri ofanana mphamvu sankhani la memore yambiri.

Koma chimene ndikuchiopa kwambiri pa laputopu yanu si chingwe ayi, ndi purosesa ya mawati 15 ija. Bokosi silimaithandiza ntchito yake. Kuwerengera adani, magalimoto, chigulu cha anthu mu mzinda wa gemu, zonsezi zimachitikabe mu kathupi kopyapyala kaja ka kafani kamodzi. Purosesa zoterezi zimathamanga kwambiri kwa kanthawi kochepa, kenako zimatsika zikatentha kapena zikafika malire a magetsi amene wopanga anaika. Chabwino chimodzi n'chakuti kachipangizo ka zithunzi ka mkati kakapuma, magetsi onse aja amatsalira purosesa. Komabe ngati purosesa ikutha kukonza mafulemu 50 okha pa sekondi, khadi lililonse padziko pano lipereka 50 omwewo.

Kusiyanitsa mavutowa n'kosavuta bokosi likakhala pa tebulo, choncho ngati pali wokubwerekani kapena wogulitsa wolola kubweza, yesani musanatsimikize. Tsegulani pulogalamu ya MSI Afterburner kuti izionetsa manambala pamwamba pa gemu. Khadi likamagwira ntchito pa 95 mpaka 99 pa 100, zili bwino, ndilo likuchedwetsa ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Likamayandama pa 60 kapena 70, likudikira winawake. Yang'anani liwiro la purosesa mu pulogalamu ya HWiNFO: ngati latsika patatha mphindi zingapo ndipo mafulemu atsika nalo limodzi, wolakwa ndi purosesa. Ngati purosesa ili bwinobwino, yezani chingwe. Pa khadi la Nvidia, pulogalamu ya CUDA-Z ili ndi mzere wolembedwa "Host to Device". Ukasonyeza pamwamba pa 2200 MiB/s, njira yanu ndi yathunthu. Ukasonyeza pafupifupi theka la pamenepo, pali zifukwa ziwiri zodziwika. Malaputopu ena a Thunderbolt 3 analumikizidwa ndi tinjira tiwiri m'malo mwa tinayi, chifukwa lamulo lake linkalola, ndipo izi sizikonzeka. Thunderbolt 4, imene inabwera mu 2020, inatseka mpata umenewu pofuna magigabiti 32 a PCIe. Chifukwa china ndi chingwe chenichenicho: cha Thunderbolt 3 chopanda kachipangizo mkati chimasunga magigabiti 40 chikakhala chachifupi, theka la mita kapena kupitirira pang'ono, pamene chachitali chimatsikira pa 20. Gwiritsani ntchito chimene chabwera ndi bokosi, kapena cha Thunderbolt 4 chovomerezeka, chimene chimasunga 40 mpaka mamita awiri. Musadalire mzere wa "Bus Interface" mu pulogalamu ya GPU-Z pa nkhani imeneyi, chifukwa umanena za pakati pa khadi ndi bokosi, ndipo utha kulemba x4 pamene mbali ya laputopu ndi yopapatiza.

Mwina mwamvapo za mabowo ena, OCuLink ndi Thunderbolt 5. Zonse ziwiri zimapereka tinjira tinayi ta PCIe 4.0, magigabiti 64, ndipo OCuLink simakulunga uthenga n'komwe, ndiye imataya pang'ono kwambiri. Koma laputopu yopyapyala yokhala ndi bowo la OCuLink ndi yosowa, bowolo silitchaja, ndiponso simungazule chingwe makina ali oyaka. Kugula bokosi la Thunderbolt 5 sikungakweze laputopu ya Thunderbolt 4, zidzayenda pa liwiro la laputopuyo.

Kwa inu ndingatere: ngati bowolo ndi Thunderbolt 4, kapena 3 ya tinjira tinayi, purosesa ili ndi makoo anayi kapena kupitirira, ndipo mukufuna mafulemu 60 pa monita ya 1440p, gulani bokosi ndi khadi lapakatikati la memore yosachepera magigabaiti 12, mudzakhutira. Ngati cholinga ndi mafulemu 144 pa sikirini ya laputopuyo, phatikizani mtengo wa bokosi, khadi ndi monita, muuyerekeze ndi wa kompyuta ya patebulo yokhala ndi khadi lomwelo. Kumbukiraninso kuti mabokosi ena amabwera opanda chipangizo cha magetsi, ndipo si onse amene amatchaja laputopu kudzera m'chingwe chomwecho, ndiye onani mawati amene bokosi limabweza musanasiye chaja chanu.