Imelo ikabwerera, yang'anani manambala musanatumizenso

"Anzanga, ndatumiza imelo kawiri koma ikungobwerera. Kukubwera uthenga wochokera kwa Mail Delivery Subsystem wodzaza ndi manambala osamveka. Kodi ndi netiweki yanga, kapena munthuyo wandibuloka?"

Si netiweki yanu ayi. Netiweki ikavuta, imelo imangokhala mu Outbox osatuluka n'komwe. Yanuyi inatuluka bwinobwino, inafika pa seva, kompyuta ya kampani imene imakusungirani maimelo, ndipo sevayo ndi imene yakulemberani kuti yalephera kuifikitsa. Zokubulokaninso ndikukayika, chifukwa pa Gmail munthu akakubulokani, uthenga wanu umangogwera mu Spam mwake, inu osauzidwa kanthu.

Chimachitika n'chakuti seva yanu imalumikizana ndi seva ya wolandira n'kuiuza kuti ili ndi uthenga wa adiresi yakutiyakuti. Seva inayo imayankha ndi nambala. Ikakana, seva yanu imakopera yankholo n'kukutumizirani. Choncho musachedwe ndi mawu apamwamba opepesa aja, tsikirani m'munsi mpaka mupeze mizere yonga iyi:

```
Final-Recipient: rfc822; dzina@example.com
Action: failed
Status: 5.1.1
Diagnostic-Code: smtp; 550 5.1.1 User unknown
```

Mzere woyamba ukutchula adiresi imene yakanidwa. Ngati munatumizira anthu angapo nthawi imodzi, amene sanalandire ndi yekhayo watchulidwa apa. Enawo analandira, ndiye musawatumizirenso.

Kenako onani Status. Nambala yoyamba ndi imene ikukuuzani chochita. Ikakhala 5, uthengawo wakanidwa kotheratu, seva yanu yasiya kuyesa, ndipo ngakhale mutumizenso kambirimbiri osasintha kanthu, yankho lidzakhala lomwelo. N'chifukwa chake yanu yabwerera kawiri konse. Ikakhala 4, vutolo ndi la kanthawi. Pamenepo nthawi zambiri pa Action pamalembedwa delayed, kutanthauza kuti uthenga udakali pamzere ndipo seva izingoyesabe yokha, kawirikawiri kwa masiku anayi kapena asanu, isanakuuzeni kuti yalepheratu. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amatumizanso katatu, vuto likatha wolandira n'kupeza maimelo anayi ofanana. Mukaona 4 ndi delayed, dikirani, kapena ngati nkhaniyo ndi yachangu, muimbireni foni.

Nambala yachiwiri ikuloza pamene pali vuto. M'chitsanzo chathu ndi 1, ndipo 1 ndi nkhani ya adiresi. Ndiye 5.1.1 ikutanthauza kuti seva ya example.com yapezeka ndipo yayankha, koma ilibe munthu wa dzina limenelo. Cholakwika chili kumanzere kwa @. Mwina chilembo chasowa, mwina mwalemba 1 m'malo mwa l, mwinanso munthuyo anachoka pantchito akaunti yake n'kutsekedwa. Yerekezani adiresi ya pa Final-Recipient ndi imene anakupatsani, chilembo ndi chilembo. Samalaninso ndi foni, chifukwa ikasunga adiresi yolakwika kamodzi imakubweretserani yomweyo mukangoyamba kulemba. Cholakwika chikakhala kumanja kwa @, nthawi zambiri uthenga umanena za DNS kapena domain not found, chifukwa seva yanu sinapeze n'komwe kokagogoda.

Nambala yachiwiri ikakhala 2, vuto lili pa bokosi la wolandira. 5.2.2 kapena 4.2.2 ndiye kuti bokosi ladzadza, ndipo inu palibe chimene mungachite kupatula kumuuza mwiniwake kuti afufutemo zina. 5.3.4 ndi uthenga wokula mopitirira malire. Izi zimadabwitsa anthu chifukwa fayilo ikamalowa mu imelo imakula ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, moti ya 20 MB imafika pafupifupi 27 MB, n'kukanidwa ndi seva imene malire ake ndi 25 MB. Ichepetseni kapena tumizani linki.

Yovuta kwambiri ndi yoyamba ndi 5.7. Apa adiresi ilipo, bokosi lili ndi malo, koma seva ya wolandira yakana chifukwa cha malamulo ake a chitetezo. Werengani mawu a pa Diagnostic-Code. Akatchula SPF, DKIM kapena DMARC, ndiye kuti sevayo sinatsimikize kuti uthengawo wachokeradi ku adiresi yanu. Zimenezi zimachitika kwambiri ndi maimelo a kuntchito, ndipo wokonza ndi amene amayang'anira imelo ya kampaniyo. Mutumizireni uthenga wobwererawo wathunthu, osati kungomuuza kuti imelo sikupita.

Chenjezo limodzi: mukalandira uthenga wotere wa imelo imene simunatumize, onani mu Sent. Ngati mulibe, nthawi zambiri ndi achinyengo amene alemba adiresi yanu ngati yotumizira. Ngati muli maimelo achilendo, sinthani pasiwedi msanga. Ndipo uthenga wobwerera weniweni sukupemphani kudina linki n'kulemba pasiwedi kuti imelo yanu ipite.

Koperani mzere wa Status ndi wa Diagnostic-Code muike pano, adiresi ya munthuyo mufufute, tione kuti yanuyo ndi iti.