Kodi mandimu, kamomayili, uchi ndi dzuwa zimasulutsadi tsitsi lakuda?

"Abale, ndikufuna tsitsi langa lisiye kuda bii, likhale labulawuni wowala, koma dayi ndimamuopa. Ndamva kuti madzi a mandimu, tiyi wa kamomayili, uchi, kapena kungokhala padzuwa zimathandiza. Kodi n'zoona? Nanga limasintha kufika pati? Ndili ku Luchenza, tsitsi langa ndi lorilakisa."

Achemwali, ine ndakhala ndikugwira tsitsi la anthu mu saluni kuno ku Chitakale kwa zaka zambiri, ndipo ndikuyankhani mosabisa chifukwa tsitsi likathothoka limatenga nthawi yaitali kuti libwerere. Pa zinthu zinayi zimenezi, chimene chimasulutsadi tsitsi pachokha ndi dzuwa lokha. Mandimu amangofulumizitsa pang'ono ntchito ya dzuwa, kamomayili amangopaka utoto wachikasu pamwamba, ndipo uchi mphamvu yake ndi yochepa kwambiri moti pa tsitsi lakuda ngati lathu simudzaona kanthu.

Tsitsi limada chifukwa cha utoto wachilengedwe wotchedwa melanini, umene umakhala ngati timichenga tating'ono kwambiri m'kati mwa tsitsi lililonse, pansi pa chikuto chake chakunja chomwe chili ngati mamba a nsomba. Kuti tsitsi lisuluke, chinthu china chiyenera kulowa m'kati n'kukaphwanya timichenga timeneti, ndipo palibe njira ina. Ife a m'saluni timayeza mtundu wa tsitsi ndi masitepe kuyambira 1 mpaka 10, pomwe 1 ndi lakuda bii ndipo 10 ndi lachikasu chotuwa kwambiri. Ambiri mwa ife tili pa 1 kapena pa 2. Bulawuni wowala amene inu mukumufuna ali cha pa 5 kapena 6, ndiye kuti mukufuna kukwera masitepe atatu mpaka asanu. Komanso dziwani kuti tsitsi lakuda silidumpha n'kufika pabulawuni wokongola, koma limayamba lafiira moderapo, kenako lofiira ngati njerwa yootcha, kenako ngati lalanje, ndipo chikasu chimabwera kumapeto. Amene amanena kuti mandimu anawathandiza kwambiri nthawi zambiri amakhala anthu a tsitsi loyera kale, la pa 7 kapena 8, pomwe kusintha kwa sitepe imodzi kumaonekera patali. Pa tsitsi lathu sitepe imodzi yomweyo imangooneka ngati kufiirira kumene munthu amakuona mukaima padzuwa.

Za dzuwa sitifunika kufunsa kutali. Mukaona amayi amene amathyola tiyi m'minda ya ku Thyolo ndi kuno ku Mulanje, mudzaona kuti tsitsi limene limatulukira kunsi kwa duku, makamaka kunkhongo ndi m'mbali mwa makutu, nsonga zake zimakhala zofiirira pomwe lobisika lili lakuda. Kuwala kwa dzuwa kumaphwanya melanini pang'onopang'ono. Khungu likapsa ndi dzuwa limada chifukwa ndi lamoyo ndipo limapanga melanini wina wodzitetezera, koma tsitsi likangotuluka m'mutu limakhala lakufa, silingapangenso utoto wina, ndiye likasuluka lasuluka mpaka mudzalidule. Nsonga ndi zimene zimafiira kwambiri chifukwa ndizo zakale, zaona dzuwa la miyezi yambiri. Ntchito imeneyi ndi ya miyezi osati ya masiku, ndipo kawirikawiri imathera pa sitepe imodzi, ikakula kwambiri awiri. Kuwala komweko kumene kumaphwanya utoto kumafooketsanso thupi la tsitsilo, n'chifukwa chake tsitsi lofiira ndi dzuwa limakhala louma ndi logawanika kunsonga. Ndionjezere pano, poti tili ndi ana m'makomo, kuti mwana wamng'ono akamafiira tsitsi lonse, lili lopyapyala ndiponso lozuka mosavuta, musafulumire kunena kuti ndi dzuwa, chifukwa chimenechi chimakhala chizindikiro cha kunyentchera ndipo ayenera kupita naye kusikelo kuti akamuone.

Mandimu ndiwo amene ndikufuna kukhalapo nthawi, chifukwa ndiwo amene amavulaza anthu. Madzi a mandimu ndi asidi wamphamvu ndithu, pa muyeso wa asidi wotchedwa pH, pomwe nambala yotsika imatanthauza asidi wamphamvu, ali cha pa 2, pomwe tsitsi ndi khungu la m'mutu zimakhala bwino pa 4.5 mpaka 5.5. Mukapaka madziwo n'kukhala m'nyumba, tsitsi silisintha mtundu, limangouma. Mukapaka n'kukhala padzuwa, dzuwa limagwira ntchito yake mwachangu pang'ono kuposa mmene likanachitira lokha. Phindu lake lonse n'lomwelo, ndipo malire ake sasiyana kwenikweni ndi a dzuwa.

Chaka china m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anabwera mtsikana wina wa tsitsi lorilakisa lofika m'mapewa, ngati mmene ndikuganizira kuti lanu lilili. Iye ankafinya mandimu atatu ndi manja, osasakaniza ndi madzi, n'kuthira m'mutu kawiri pa sabata, kenako n'kukhala pabwalo ola lathunthu, ndipo anachita zimenezi masabata asanu ndi limodzi. Nditamukhazika pampando m'kati mwa saluni, tsitsi lake linkaoneka lakuda ngati la wina aliyense. Tinachita kutuluka panja kuti ndione kuti theka la kunsonga linali litafiirira ngati fumbi la njerwa, pamwamba pokha, koma la m'kati linali chimodzimodzi. Nditalowetsa chipeso cha mano akuluakulu, timatsitsi tatifupitifupi tinayoyokera pa thawulo ngati mapesi a udzu wouma. Timeneti sitinali tozuka, chifukwa tinalibe kamutu koyera kakumizu, koma tinali toduka pakati, ndipo umu ndi mmene mumadziwira kuti tsitsi laonongeka. Nditanyowetsa kachigawo kena n'kukakoka, m'malo motambasuka pang'ono n'kubwerera, kankangoduka. Chifukwa chake n'chakuti mankhwala orilakisira anali atafooketsa kale tsitsilo ndi kutsegula mamba ake, ndiye asidi ndi dzuwa zinapeza khomo lotsegula. Tinadula pafupifupi masentimita asanu, ndipo poti tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, kapena kucheperapo, zimenezi zinatanthauza kutaya utali wa miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi.

Koma chimene chinandipweteka mtima kwambiri chinali khosi lake. Kuyambira kuseri kwa khutu kutsikira m'khosi kunali mizere yakuda yotsatira mmene madzi anayendera, ndipo kuseri kwa zala zake kunalinso mawanga. M'mandimu, makamaka m'makoko ake ndi mu aja ang'onoang'ono obiriwira, muli mankhwala ena amene akakhala pakhungu n'kuombedwa ndi dzuwa amatentha khungulo ngati moto. Sizioneka tsiku lomwelo. Pakapita tsiku limodzi mpaka atatu pamayamba kunyereza ndi kufiira, nthawi zina pamatuluka matuza, ndipo pakapola pamatsala zipsera zakuda zimene pa khungu lathu zimatha miyezi ingapo zisanachoke. Iye ankaganiza kuti ndi chipere, ndipo sanalumikize n'komwe ndi mandimu aja. Kufinya ndi manja kunakulitsa vutolo, chifukwa mafuta a m'makoko amasakanikirana ndi madziwo.

Kamomayili sindichedwapo. Maluwa ake ali ndi utoto wachikasu wotchedwa apijenini, umene umamatirira kunja kwa tsitsi osaphwanya melanini. Pa tsitsi loyera kale umaonjezera kuwala kwachikasu, ndipo pa imvi ukhoza kuonekera pang'ono, koma kupaka chikasu pa tsitsi lakuda kuli ngati kuthira madzi a tiyi pa makala. Umachokanso mukasambitsa m'mutu kangapo. Suononga tsitsi, ungokutherani ndalama za timapaketi tija ta m'sitolo.

Nkhani ya uchi ili ndi choonadi chake, n'chifukwa chake imanyenga anthu. Njuchi zimaika mu uchi chinthu china chimene, uchiwo ukasungunulidwa ndi madzi, chimayamba kupanga haidirojeni perokisaidi, mankhwala omwewo amene ali mu divelopa, madzi osakanizira dayi a m'saluni. Vuto ndi kuchuluka kwake. Divelopa wofooka kwambiri, wolembedwa 10 vol pabotolo, ali ndi perokisaidi 3 peresenti, wa 20 vol ali ndi 6 peresenti, wa 30 vol ali ndi 9 peresenti. Uchi wosungunula umakhala cha m'ma 0.003 peresenti, kutanthauza kuti divelopa wofooka uja amauposa pafupifupi ka 1,000. Ndiponso ngakhale divelopayo payekha sachita zambiri, n'chifukwa chake timamusakaniza ndi ufa wa bulichi kapena ndi dayi wa amoniya, zimene zimatupitsa tsitsi ndi kutsegula mamba kuti mankhwala alowe m'kati. Uchi ulibe chotsegulira chimenechi, ndipo ngati unatenthedwa pokonza, monga amachitira ena posungunula malesa pamoto, ngakhale kamphamvu kakang'ono kaja kamakhala katafa. Chimene uchi umachita bwino ndi kusunga chinyezi, ndiye tsitsi limafewa ndi kunyezimira, ndipo kunyezimira kumeneku n'kumene ena amakuyesa kusuluka.

Ngati mukufuna kudzionera nokha, ndipo ndingakonde mutatero m'malo mongokhulupirira mawu anga, musayesere pamutu panu. Sonkhanitsani tsitsi lotsalira m'chipeso kwa sabata imodzi, mugawe timitolo tinayi ndi kumanga ndi ulusi. Kamodzi mukasunge m'envulopu mumdima, kachiwiri muzikayanika padzuwa opanda chilichonse, kachitatu muzikanyowetsa ndi mandimu musanakayanike, kachinayi muzikapaka uchi wosakaniza ndi madzi n'kukasiya ola limodzi musanakatsuke. Pakatha masabata anayi mutiike tonse pa pepala loyera panja, pamthunzi, muyerekeze ndi ka mumdima kaja, kenako mukoke kalikonse kuti mumve kamene kakuduka msanga. Zithunzi za pafoni musazidalire, chifukwa foni imasintha kuwala yokha.

Kwa inu amene tsitsi lanu ndi lorilakisa, mandimu ndikukuletsani ndithu. Bulawuni amene mukumufuna amapezeka ndi mankhwala a m'saluni okha, ndipo ngakhale pamenepo bulichi pa tsitsi lorilakisa ndimamukana, chifukwa zinthu ziwirizi zikakumana tsitsi limasungunuka m'manja. Chimene chingatheke ndi dayi wokwezera masitepe awiri kapena atatu, wopakidwa patatha masabata osachepera awiri chirilakisireni, mutayamba mwayesa kadontho kuseri kwa khutu n'kudikira maola 48 kuti muone ngati thupi lanu likugwirizana naye, komanso mutayesa pa kachigawo kakang'ono ka kunkhongo. Ngati mantha anu pa dayi ndi aakulu, lukitsani meshi yabulawuni kapena valani wigi ya mtundu umene mukuufunawo kwa mwezi umodzi, muone ngati ukukukhalani, tsitsi lanu lili chipumire pansi pake.