Kanema wa 3 GB pa netiweki yodukaduka: muduleni zidutswa musanatumize

"Zikomo achimwene. Ine ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Luchenza. Ndili ndi kanema wa ukwati wa 3 GB woti ndiwatumizire eni ake ku Joni. Ndayesa katatu pa laputopu ndi hotisipoti ya foni, koma akafika pakati netiweki imaduka n'kuyambiranso pa ziro. Bandulo yatha kawiri, eni ake ayamba kundikayikira. Nditani?"

Achimwene, tiyambe ndi masamu, chifukwa ndi amene akukugonjetsani. Liwiro la netiweki amaliyeza mu Mbps, kutanthauza ma Mb pa sekondi, pamene kukula kwa fayilo timakuwerenga mu MB, ndipo MB imodzi ndi ma Mb 8. Kanema wanuyo ndi pafupifupi 24,000 Mb. Tiyerekeze kuti foni yanu ikukweza pa liwiro la 1 Mbps. Ndiye kuti pakufunika masekondi 24,000, omwe ndi maola 6 ndi mphindi 40, netiweki isanaphethire. Kumbukiraninso kuti liwiro lokweza nthawi zambiri limachepa poyerekeza ndi lotsitsa, n'chifukwa chake mutha kuonera mavidiyo bwinobwino pafoni yomweyo koma kutumiza n'kumakanika. Ndani kwathu kuno angalonjeze maola asanu ndi awiri opanda kuthima kwa magetsi, foni osatentha, wina osaimba? Palibe. Choncho tisalimbane ndi zoti netiweki isaduke. Idzaduka ndithu. Chofunika n'chakuti ikaduka, mutaye zochepa.

Mayi wotchola tiyi sadikira kuti munda wonse ulowe m'dengu limodzi. Amakayezetsa dengu lililonse likadzaza, ndipo zomwe zalembedwa kusikelo sizibwereranso m'munda ngakhale mvula igwe. Kanemayu tichite naye chimodzimodzi.

Ikani pulogalamu yaulere yotchedwa 7-Zip pa laputopu. Dinani kanemayo ndi batani lakumanja la mausi, musankhe 7-Zip kenako `Add to archive`. M'bokosi lomwe litseguke muli malo awiri okha ofunika. Pa `Compression level` sankhani `Store`. Kanema wa MP4 ndi wofinyidwa kale, kumufinyanso kungotha nthawi ndi batire koma kukula kwake sikusintha kwenikweni. Pa `Split to volumes, bytes` lembani `100M`. Amene amakonda kulemba malamulo angachite chomwecho mu `Command Prompt`, ali mufoda ya kanemayo, motere:

```
"C:\Program Files\7-Zip\7z.exe" a -mx0 -v100m ukwati.7z ukwati.mp4
```

Mupeza mafayilo otchedwa `ukwati.7z.001`, `ukwati.7z.002`, mpaka cha m'ma 29. Onetsetsani kaye kuti laputopu ili ndi malo ena okwana 3 GB, pakuti kanema woyambayo sachotsedwa, zidutswa zimangowonjezekera.

Bwanji 100 osati 500? Pa liwiro tayerekeza lija, chidutswa cha 100 MB chimatenga mphindi pafupifupi 14. Ngati netiweki yanu imatha theka la ola isanaduke, zidutswa zambiri zidutsa ulendo woyamba, ndipo chomwe chalephera chikudyerani bandulo yosaposa 100 MB. Cha 500 MB chikufuna kuposa ola, ndiye kuti mwabwerera m'vuto lomwe lija. Njira yanga ndi iyi: yang'anani nthawi yomwe netiweki yanu imakhala isanaduke, musankhe chidutswa chomwe chingathe mu theka la nthawiyo. Ngati kwanuko imaduka mphindi 10 zilizonse, tsikani mpaka `30M`. Zidutswa zichuluka kufika pafupifupi 100, n'zotopetsa kuziwerenga, komabe zifika.

Tsopano zikwezeni mufoda imodzi ya pa Google Drive, yomwe imapereka malo aulere okwana 15 GB. Musaziponye zonse 29 nthawi imodzi. Tumizani ziwiri kapena zitatu, zikafika muwonjezere zina. Mungathe kutumiza khumi usiku uno, zina mawa m'mamawa anthu asanadzuke n'kudzaza nsanja ya netiweki, palibe chomwe chiwonongeke. Pa WhatsApp zimathekanso, bola muzitumize ngati `Document`. Ineyo ndimakonda Drive chifukwa mayina onse amaoneka pamndandanda umodzi, chosowa chimadziwika msanga.

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, poti ine ndinagwapo. Zidutswa zonse, kupatula chomaliza, ziyenera kukhala zofanana kukula ndendende: mabayiti 104,857,600. Wolandira akatsitsa, asanje mafayilowo potengera kukula. Akaona chimodzi chili chocheperapo koma si chomaliza, chimenecho chinadukira panjira, atsitsenso chokhacho. Chachiwiri ndi mayina. Fayilo ikatsitsidwa kawiri, kompyuta imakonda kuwonjezera `(1)` padzina, ndipo 7-Zip siizindikiranso kuti ndi ya gulu lomwelo. Ine ndinatha tsiku lathunthu ndikutumizanso zinthu zomwe zinali zitafika kale, vuto lili kadzina kamodzi kokha. Zonse zikhale mufoda imodzi, mayina osasinthidwa, manambala otsatana popanda wodumphidwa.

Zikakwana, wolandirayo aikenso 7-Zip pa kompyuta yake, adine `ukwati.7z.001` chokha ndi batani lakumanja la mausi, asankhe 7-Zip kenako `Test archive`. Pulogalamuyo ikanena kuti palibe cholakwika, asankhe `Extract Here` ndipo kanema atuluka wathunthu, wosasiyana ndi wanu ngakhale pang'ono. Ngati alibe kompyuta, pulogalamu ya ZArchiver pa foni ya Android imalumikizanso zidutswa zoterezi, koma foniyo ikhale ndi malo okwana 6 GB. Auzenitu eni ukwatiwo kuti chidutswa chimodzi pachokha sichionereka, angadandaule kuti mwawatumizira zinthu zakufa.

Nthawi zina kukula kumakhala kolondola koma mayesowo n'kunena `CRC failed`. Pamenepo musatumizenso zonse. Chidutswa chilichonse chili ndi chidindo chake chomwe mungachione pa Windows polemba izi mu `Command Prompt`, muli mufoda ya zidutswazo:

```
certutil -hashfile ukwati.7z.007 SHA256
```

Patuluka mzere wa zilembo ndi manambala 64. Inu muchite kwanu, wolandira achite kwake, mufananize poyambira ndi pothera pa mzerewo. Chidutswa chomwe zidindo zake zasiyana ndicho chovulala.

Pali tizinthu tina tapakhomo tomwe timadula ulendo netiweki isanalakwe n'komwe. Laputopu ikagona tulo, kutumiza kumaima, choncho zimitsani `Sleep` nthawi yotumizayo. Lumikizani foni ndi waya, muyatse `USB tethering` m'malo mwa hotisipoti, foni izilandira moto uku ikugwira ntchito. Ndipo pa Windows yatsani `Metered connection`, apo ayi kompyuta iyamba kutsitsa zosintha zake mwakachetechete n'kumagawana nanu bandulo.

Tsiku lina mudzakhala inu wotsitsa, mwina pulogalamu yaikulu yokonzera makanema. Kumeneko kudula sikufunika, chifukwa maseva ambiri, omwe ndi makompyuta osunga mafayilo pa intaneti, amalola kompyuta yanu kupempha kuti "ndipatseni kuyambira pomwe ndinalekera". Windows 10 ndi 11 zili kale ndi chida chake:

```
curl.exe -L -C - -O https://example.com/fayilo.zip
```

M'malo mwa ulalo wachitsanzowu muike wa fayilo yomwe mukutsitsa. Ikaduka, lembaninso lamulo lomwelo muli mufoda yomweyo. Mbali ya `-C -` imayeza zomwe zafika kale n'kupempha zotsala zokha, choncho fayilo yosathayo musaifufute. Malire ake ndi awiri. Seva ina sivomera kupitiriza, ndipo curl imakuuzani ndi cholakwika nambala 33. Komanso maulalo ena amatha mphamvu pakapita maola angapo. Zikatero tengani ulalo watsopano wa fayilo yomweyo, muonetsetse kuti ikusungidwa m'dzina lomwe lija, ipitiriza.

Za kanema wa ku Joniyu, yambani ndi zidutswa ziwiri zokha madzulo ano, muone nthawi yomwe chilichonse chitenge. Chikapitirira mphindi 20 kapena chikaduka kawiri, dulaninso kanemayo pa `50M` musanawononge bandulo yachitatu.