Firiji ya katemera inafunda kenako inazizira kwambiri: titaye chiyani, tisunge chiyani?

Funso: Adokotala, ine ndine mlangizi wa zaumoyo pa chipatala chaching'ono. Magetsi anazima Loweruka madzulo, ndipo Lolemba m'mawa tinapeza firiji ya katemera ili pa madigiri 13. Mnzanga anatenga mapaketi a madzi oundana kwambiri n'kuwasanjika pa mabotolo kuti azizire msanga. Lachiwiri kachipangizo koyezera kakuonetsa chenjezo lakuti munazizira mpaka madigiri 2 pansi pa ziro. Kodi katemerayu titaye yense, kapena tipitirize kubaya ana?

Yankho: Musataye botolo ngakhale limodzi, komanso musabaye mwana aliyense ndi katemera wa m'firijiyo mpaka mtundu uliwonse utaunikidwa pawokha. Pepani, koma ndiyenera kukuuzani kuti zimene zinachitika pakati pa Lolemba ndi Lachiwiri zikundidetsa nkhawa kuposa kuzima kwa magetsi, ngakhale ndikudziwa kuti mnzanuyo anachita izi ndi mtima wofuna kupulumutsa katemera.

Pa chipatala ngati chanu, katemera yense amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi madigiri 8 pamwamba pa ziro, ndipo amene amakonza mafiriji amafuna kuti muzikhala pafupi ndi madigiri 5 kuti pakhale mpata mbali zonse ziwiri. Katemera wa poliyo wa madontho amasungidwa woundana, pakati pa madigiri 15 ndi 25 pansi pa ziro, koma izi zimachitika m'nkhokwe zikuluzikulu zokha, ndipo akafika kwa inu amalowa m'malire omwewo a 2 mpaka 8. Ambiri a ife tinakula tikuopa kutentha kokha, ndipo maganizo akuti chinthu chikazizira kwambiri chimasungika bwino ndi amene amaononga katemera wambiri mwakachetechete. Kutentha kumafooketsa katemera pang'onopang'ono ndipo kumasiya chizindikiro pa botolo, pamene kuundana kumatha kuononga katemera wina usiku umodzi wokha, botolo n'kusungunuka m'mawa likuoneka ngati silinakhudzidwe.

Choyamba lero lomwe, chotsani mapaketi oundanawo, ikani mabotolo onse m'thumba kapena m'katoni yolembedwa kuti asagwiritsidwe ntchito, ndipo muwasungebe pa madigiri 2 mpaka 8, kaya m'firiji ina yodalirika kapena m'bokosi lozizira. Anthu ena akangokayikira katemera amamusiya pa tebulo podikira a ku boma, ndipo potero amamaliza kuononga ngakhale amene anali wabwino. Kenako lembani zimene kachipangizo kanu kasunga. Ngati ndi Fridge-tag, kamasunga mbiri ya masiku 30, ndipo kamapereka chenjezo la kutentha firiji ikakhala pamwamba pa madigiri 8 kwa maola 10 otsatizana, komanso chenjezo la kuzizira ikakhala pansi pa theka la digiri kunsi kwa ziro kwa mphindi 60. Lembani tsiku, digiri yapamwamba ndi yapansi, maola amene zinatenga, mtundu wa katemera, nambala ya gulu limene anapangidwira, tsiku lotha ntchito ndi chiwerengero cha mabotolo. Mukatero imbani foni kwa mkulu woona za katemera ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu, chifukwa chilolezo chotaya kapena chobwezera katemera pa ntchito chimachokera kumeneko.

Tsopano tiunike za kutentha. Pa chizindikiro cha botolo, kapena pa chivindikiro chake, pali kabwalo kokhala ndi kachidutswa ka ngodya zinayi mkati mwake, kamene mumakadziwa kuti VVM. Kachidutswako kakakhala koyererapo kuposa bwalo lake, katemera sanapyole malire a kutentha ndipo angagwiritsidwe ntchito ngati tsiku lake silinathe. Kakafanana mtundu ndi bwalo, kapena kakada kuposa bwalo, botololo latha ntchito. Kamasintha mwa kuphatikiza kutentha konse kumene botolo lakumana nako kuyambira ku fakitale, ndipo sikabwerera mwakale ngakhale mutalibwezera m'firiji. Pali mitundu yake yosiyana malinga ndi kupirira kwa katemera: wa poliyo wa madontho ali ndi kamene kamafika pa malire m'masiku 2 okha pa madigiri 37, pamene ena olimba ali ndi ka masiku 14 kapena 30. Choncho firiji imene yafika madigiri 13 kwa maola angapo kawirikawiri imadya gawo chabe la moyo wa katemera osaumaliza, koma musaganizire, tengani botolo lililonse muliyang'ane pa kuwala, kuyambira ndi la poliyo wa madontho. Mabotolo amene kachidutswa kawo kayamba kuda koma sikanafanane ndi bwalo aikidwe patsogolo kuti ayambe kugwiritsidwa ntchito.

Vuto n'lakuti VVM saona kuzizira. Botolo likhoza kuundana gwa, kachidutswa kake kali koyera bwino. Apa ndi pamene muyenera kugawa katemera wanu m'magulu. Wa BCG wa chifuwa chachikulu, wa chikuku ndi rubela amene ali ufa wosasungunula, komanso wa poliyo wa madontho saonongeka ndi kuundana, kotero kwa iwowa VVM ndi tsiku lotha ntchito zikukwanirani. Koma madzi ake osungunulira sayenera kuundana, chifukwa kabotolo kagalasi kamatha kuchita ming'alu yosaoneka bwino imene imalowetsa tizilombo, ndipo ngati analinso m'firijimo muwanene kwa a ku boma. Gulu lachiwiri ndi la katemera amene ali ndi mchere wa aluminiyamu wothandiza thupi kuchitapo kanthu mwamphamvu: Penta woteteza ku matenda asanu, PCV wa chibayo, HPV wa khansa ya khomo la chiberekero, ndi Td wa kafumbata amene timabaya amayi oyembekezera. Madzi a m'botolo akaundana, tinthu ting'onoting'ono ta aluminiyamu timakanikizana n'kumatana kukhala timibulu tolemera, ndipo sitibalalikanso ngakhale mutagwedeza motani. Katemera wotero mphamvu zake zachepa kosabwerera.

Ubwino wake ndi wakuti timibulu timeneti timatipatsa njira yodziwira, imene ndi kuyesa mogwedeza. Botolo limene mwalipeza litaundana ndithu, kapena limene mukaligwedeza madzi ake sakusakanikirana, silifuna kuyesedwa, lachoka kale pa ntchito. Kwa otsalawo, tengani botolo limodzi la mtundu womwewo, la kampani yomweyo ndi la nambala ya gulu yomweyo, mulilembe moonekera kuti ndi loundanitsa dala, ndipo muliike mu fuliza ya madigiri 10 pansi pa ziro kapena kuposerapo kwa maola osachepera 10, mpaka liundane lonse. Mulisiye lisungunuke lokha osalitenthetsa. Mukatero gwirani botolo loundanitsa dalalo pamodzi ndi botolo lokayikitsa m'dzanja limodzi, muwagwedeze mwamphamvu kwa masekondi 10 mpaka 15, muwaimike moyandikana pamalo osalala monga pa zenera pamene kuwala kukuchokera kumbuyo kwawo, ndipo musawakhudzenso.

Zimene mudzaone n'zosavuta kuzizindikira mukaziona kamodzi. M'botolo loundanitsa dala, zoyerazo zimayamba kutsika msanga ngati misere ya ufa m'madzi otsukira mphika, pamwamba n'kuyera mbee pasanapite mphindi zambiri. Botolo labwino limakhalabe lotuwa ngati mkaka wothira madzi, ndipo limadikha mochedwa kwambiri. Ngati botolo lokayikitsa likudikha mochedwa kuposa loundanitsa dala, silinaundane. Ngati onse awiri akudikha mofanana, kapena lokayikitsalo likudikha msanga kuposa linzake, laonongeka. Ngati chizindikiro cha pepala chikuphimba madzi, tembenuzani mabotolo onse awiri chadodolido muyang'anire m'khosi mwake. Kuyesaku kumachitika pa gulu lililonse palokha, ndipo kwa inu ndikulangiza kuti muyambe ndi mabotolo amene anakhudzana ndi mapaketi, chifukwa kachipangizo kanayeza mpweya wa pamene kanali, osati galasi limene linagona pa madzi oundana ochokera mu fuliza, amene amakhala ozizira kwambiri kuposa madigiri 2 pansi pa ziro. Botolo loundanitsa dala silibayidwa munthu, ndipo lilembedwe m'kaundula ngati lotayika.

Pali gulu lachitatu lofunika kusamala nalo. Katemera wa poliyo wobaya, IPV, amaonongeka akaundana, koma alibe aluminiyamu, choncho kugwedeza sikungakuuzeni kanthu, ndipo botolo lake limaoneka loyera kaya ndi labwino kaya ndi loonongeka. Mitundu ina ya katemera wa rota wa madontho nayonso siyenera kuundana. Pa awiriwa musadziweruzire nokha, aikeni pambali ndipo a ku boma agamule poona mbiri ya kachipangizo. Mabotolo otsegula kale amene munali kusunga pa lamulo la masiku 28 muwatchule padera, chifukwa lamulolo limagwira ntchito pokhapokha botolo litasungidwa m'malire oyenera nthawi yonseyo.

Funso limene simunafunse koma ndi lalikulu n'lakuti, kodi pali ana amene anabayidwa Lolemba masana kapena Lachiwiri m'mawa? Tsegulani kaundula mulembe maina awo, midzi yawo ndi katemera amene analandira. Katemera wofooka sasanduka poizoni, koma kuopsa kwake n'kwakuti mayi amapita kunyumba ndi buku la kusikelo lolembedwa kuti mwana watetezedwa pamene chitetezo chake n'chokayikitsa. Ngati gulu limene anabayidwa lalephera kuyesa, a ku boma adzakuuzani tsiku lobwereza, ndipo makolo auzidwe zoona momveka bwino, kuti mlingo uja unali wokayikitsa ndipo kubwereza sikuvulaza mwana.

Magetsi akadzazimanso, chinthu choyamba ndi kusatsegula firiji popanda chifukwa. Mafiriji a katemera okhala ndi madzi oundana m'makoma mwake amasunga kuzizira kwa maola ambiri ngati chivindikiro chili chotseka, koma payenera kukhala munthu wowerenga kachipangizo kawiri pa tsiku, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, kuti aone digiri ikuyandikira 8 isanapyole. Ikafika pamenepo, samutsirani katemera m'bokosi lozizira. Mapaketi ochokera mu fuliza ayalidwe kaye pa tebulo, osasanjikana, mpaka mukawagwedeza pafupi ndi khutu mumve madzi akuyenda mkati ndi chibulu cha ayezi chikugunda m'mbali. Kumeneko ndiko kudziwa kuti paketi yafika pa ziro ndipo singaundanitse botolo. Muwapukute, muwayale m'mbali mwa bokosi, mabotolo akhale m'makatoni awo pakati pamodzi ndi kachipangizo koyezera, ndipo ngati magetsi sakubwera, bokosilo lipite ku chipatala chapafupi chimene munagwirizana nacho kale. Magetsi akabwera, musapotoze kabatani ka firiji kuti izizire msanga, koma mudikire ibwerere yokha pakati pa madigiri 2 ndi 8 musanabwezeremo katemera.