Mthunzi wa pansi pa tebulo: ndiusiye kapena ndiufufute?

Funso: Ndine kalipentala ku Chibavi, ndipo ndimatsatsa matebulo ndi masofa pa Facebook ndi pa WhatsApp. Mwana wanga anandionetsa kadulidwe ka chithunzi pa foni kuti kumbuyo kuziyera, utuchi ndi matabwa a pashedi zisamaoneke. Koma pansi pa miyendo pamatsala kamthunzi. Iye akuti tizikafufuta, ine ndikuona ngati tebulo likuyandama. Mlamu wanga wogulitsa magalimoto nayenso akufunsa zomwezi. Titani?

Yankho: Bambo, diso lanu laona bwino. Kamthunziko kasiyeni. Koma pansi pa tebulo pamakhala mithunzi iwiri yosiyana, ndipo mwina inu mukunena wina, mwana wanu akunena wina.

Woyamba ndi kamdima kakang'ono kamene kamakhala pamene mwendo wagunda pansi, kakuda pafupi ndi mwendowo, n'kumazirala pang'onopang'ono. Kameneka ndi kamene kamauza diso kuti chinthuchi ndi cholemera ndipo chaima pa simenti. Mukakachotsa, tebulo limaoneka ngati lamatidwa papepala, ndipo munthu amene wazolowera kuona zithunzi zotola pa intaneti amayamba kukayika ngati ndi lanudi. Wokayika satumiza ndalama ya chikole pa Airtel Money kapena pa Mpamba, amangoti "ndidzabwera kudzaona", basi osabweranso. Wachiwiri ndi mthunzi wautali wakuthwa m'mbali, umene dzuwa la m'mawa kapena la madzulo limaponya kumbali. Umenewu chotsani. Umadya malo pachithunzi, umasokoneza maonekedwe a miyendo, ndipo pulogalamu yodula imakonda kuudula pakati n'kusiya chigamba chakuda.

Tiyeni titenge tebulo lodyera la paini wa ku Chikangawa, la miyendo inayi, lopakidwa vanishi woderako, mwalijambulira panja pa shedi cha m'ma 4 koloko masana. Mukalidula, kulitsani chithunzi ndi zala ziwiri muone phazi la mwendo uliwonse palokha. Pali zolakwika zitatu zimene ndimakumana nazo kawirikawiri. Poti vanishi ndi wakuda ndipo mthunzi ndi wakudanso, foni imalephera kuona pamene mwendo wathera, ndiye imadya phazi, mwendo umodzi n'kufupika, kapena imaphatikiza mthunzi ku mwendo, n'kuoneka ngati uli ndi chotupa. Kalipentala amene miyendo yake ikuoneka yosafanana wadzitsitsira yekha mtengo, pomwe ntchito yake ilibe vuto. Chachiwiri ndi mtundu. Mthunzi wogwera pa dothi lathu lofiira umatenga kufiira komweko, ndipo ukaikidwa poyera umaoneka ngati matope kapena vanishi wotayika. Chachitatu chimabwera mukafufuta zonse n'kudina batani loika mthunzi wopanga. Pachithunzi, miyendo iwiri ya kutsogolo imathera m'munsi, iwiri ya kumbuyo imathera m'mwambako pang'ono. Mthunzi wopanga nthawi zina umangoyalidwa pa mzere umodzi pansi pa miyendo ya kutsogolo, ya kumbuyo n'kutsala m'malere. Mthunzi wina wopanga wotchedwa Drop umangotsata m'mphepete mwa tebulo lonse ngati kuti ndi pepala lokhomedwa pakhoma. Umenewo ndi wa zilembo ndi zikwangwani, mipando suiyenera.

Njira yosungira mthunzi weniweni imafuna pulogalamu yolola kusanjikiza zithunzi, monga Photoshop pa kompyuta kapena ibisPaint X pa foni. Mwana wanu aike chithunzi chomwecho kawiri, china pamwamba pa chinzake, pansi pa zonse pakhale poyera. Chapamwamba chikhale tebulo lodulidwa bwino lopanda mthunzi uliwonse. Chapakati ndi chithunzi chosadula: achichotse mtundu wonse kuti chikhale chakuda ndi choyera, achiwalitse mpaka dothi liyere mbee, mthunzi wokha n'kutsala wotuwa, kenaka achiike pa Multiply. Multiply imachititsa kuti zoyera zisaoneke, zakuda zokha n'kutsala. Akatero afufute shedi ndi mthunzi wautali uja ndi chofufutira chofewa m'mbali, asiye za pansi pa tebulo ndi zozungulira mapazi. Ngati wada kwambiri, atsitse pang'onopang'ono Opacity, imene ndi mlingo wa kuoneka kwa chithunzi chapakaticho. Ine ndimayambira pa 40 n'kumayang'ana. Poyesa, chepetsani chithunzicho chifike kukula kumene chimaonekera munthu akamadutsa pa Facebook. Diso likayamba kugwera pa mthunzi lisanaone tebulo, ndiye kuti wanyanya.

Musunge ngati JPG, kumbuyo kutayera kale. Mukatumiza PNG yopanda kumbuyo pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, malo opanda kanthuwo amatha kufika kwa kasitomala ali bii, mthunzi wanu wofewa uja n'kusowa kapena kusanduka litsiro.

Komabe kunena zoona, ntchito yonseyi imachepa kwambiri mukajambula bwino poyamba. Kuno ku Mzuzu tili ndi mwayi umene anzathu a ku Karonga alibe: mitambo ndi chifunga cha m'mawa, makamaka mu Juni ndi Julayi. Kukakhala mitambo mthunzi wautali kulibe, kumatsala wofewa uja wa pansi pa tebulo, umene ndi womwe tikuufuna. Kukakhala dzuwa, lowetsani katunduyo pakhonde. Gulani nsalu yoyera ya mamita atatu kapena anayi, yotambalala kuposa tebulo, muikhome pakhoma itsike n'kuyalika pansi mosapinda pakona, tebulo liime pamwamba pake. Foni muigwire cha m'chiuno, osati mutaimirira n'kulozetsa pansi, kuti miyendo isaoneke yopyapyala kumapazi. Mukatero mwina simudzafunanso kudula.

Za galimoto, uzani alamu anu kuti kumeneko nkhaniyi ndi yaikulu kuposa pa tebulo. Pansi pa galimoto pamakhala mdima ngakhale kunja kuli mitambo, ndipo tayala limaphwatalala pang'ono pamene lagunda pansi chifukwa cha kulemera. Akachotsa mdimawo, pakati pa matayala pamayera ngati windo ndipo Sienta yeniyeni imaoneka ngati chidole. Wogula wa kuno amayang'ananso kutalika kwa galimoto kuchokera pansi, chifukwa akuganiza za msewu wa kwawo ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo nthawi ya mvula. Mthunzi wopanga ukaikidwa motsika kwambiri galimoto imaoneka yokwera kuposa mmene ilili, ndipo munthu akabwera kudzaiona n'kupeza kuti ndi yotsika, amayamba kukayikira ndi zina zonse zimene anauzidwa. Asadetsenso pansipo dala pofuna kubisa dzimbiri la m'munsi mwa zitseko kapena bampala yong'ambika. Zimenezo ndi chinyengo, ndipo zimaululika tsiku loyamba lomwe wogula wagwada kusuzumira. Magalasi nawo amavuta: mitengo ndi mpanda zimaonekerabe m'mawindo ndi pa penti, ndiye galimoto yodulidwa siibisa kumene inajambulidwira. Pa galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito ine ndimalangiza kusadula n'komwe. Aitsuke, aiimike pamalo oyera opanda magalimoto ena, ajambule.

Kwa inu a mipando, chodulidwacho chikhale chithunzi choyamba chokopa anthu, koma chotsatira chake chikhale tebulo lomwelo lili pashedi panu, utuchi uli pomwepo, inu kapena mnyamata wanu ataima pambali kuti kukula kwake kuoneke. Pansi pake lembani miyezo, mwachitsanzo masentimita 180 m'litali, 90 m'lifupi ndi 75 kutalika kuchoka pansi, pamodzi ndi mtundu wa thabwa ndi mtengo wake.